Mmene mungafupikitsire ndakatulo ya mpikisano popanda kutaya chithunzithunzi chake

Mlakatuli akamva za mpikisano, kawirikawiri amakhala ali kale ndi ndakatulo imene amaikonda, ndipo vuto limayamba akawerenga malamulo n'kupeza kuti ndakatuloyo ndi yaitali kuposa mizere yololedwa, komanso kuti mutu umene okonza mpikisano apereka ukungoyandikana ndi nkhani yake koma sukufanana nayo kwenikweni. Ambiri amatenga cholembera n'kuyamba kudula mzere umodzi pano, wina apo, kenaka n'kuwonjezera ndime yotchula mutu wa mpikisano kumapeto. Chimene chimatsala chimakhala ndi mizere yokwanira, chimatchula mutu, koma chinthu chija chimene chinachititsa kuti ndakatulo ilembedwe chimakhala chitafota. Malangizo awa akutsata njira ina, ndipo ndiwafotokoza pogwiritsa ntchito ndakatulo yanga ya mizere 31, yotchedwa "Nkhata ya Amayi". Tiyerekeze kuti mpikisano ukufuna mizere yosapitirira 20 pa mutu wakuti "Kusamalira chilengedwe", monga mitu imene imabwera nthawi yobzala mitengo, yomwe m'Malawi imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo.

Choyamba, dziwani chimene akuwerenga ngati mzere

Musanakhudze ndakatulo, werengani malamulo mofatsa kuti mudziwe mizere yeniyeni imene muli nayo. Mipikisano yambiri siwerenga mutu wa ndakatulo ngati mzere, ndipo siwerenganso mipata yolekanitsa ndime, koma zimenezi muzione zitalembedwa, musangoziganizira. Mipikisano iwiri ya ku Britain imene imalandira ndakatulo za Chingerezi kuchokera kumaiko onse ndi chitsanzo chabwino: National Poetry Competition imalola mizere 40 osawerengera mutu, pamene Bridport Prize imalola mizere 42. Kusiyana kwa mizere iwiri kumaoneka kochepa, komabe ndakatulo yokwanira bwino pa mpikisano wachiwiriwu ikhoza kukanidwa pa woyambawo isanawerengedwe n'komwe. Ngati malamulo sakunena kanthu za mawu opereka ulemu kwa munthu kapena mwambi umene mwaika pansi pa mutu, ndi bwino kuwawerenga ngati mizere, kapena kufunsa okonza mpikisano nthawi ikadalipo.

Werengani mizere pa pepala kapena pa kompyuta, osati pa foni, chifukwa foni imathyola mzere wautali kukhala iwiri ndipo mumasokonezeka. Mu Microsoft Word mukhoza kupita pa Layout, kenaka Line Numbers, n'kusankha Continuous, koma kumbukirani kuti njira imeneyi imawerenganso mutu ndi mipata yopanda mawu, choncho muyenera kuzichotsera nokha. Ine ndimakonda kulemba manambala ndi pensulo m'mbali mwa pepala, chifukwa manambala omwewo amandithandiza pa ntchito yonse yotsatira.

Chachiwiri, lembani chithunzithunzi chanu m'chiganizo chimodzi

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo musapadutse mothamanga. Tengani pepala lina, muvundikire ndakatulo, ndipo mulembe chiganizo chimodzi chonena chinthu chimene owerenga ayenera kuchiona m'maso mwawo akamaliza kuwerenga. Chiganizocho chikhale ndi chinthu chogwirika ndi chimene chikuchichitikira. Mukalemba kuti "chikondi cha mayi" kapena "mavuto a kumudzi", ndiye kuti mwalemba mfundo yaikulu, osati chithunzithunzi, pakuti palibe munthu angajambule chikondi kapena kuchinyamula m'manja. Pa ndakatulo yanga ndinalemba kuti: nkhata ya amayi, yopachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko, inali yofufuma kale koma inaphwa chifukwa cha mitolo ya nkhuni.

Onani kuti m'chiganizochi muli zinthu zitatu: pamene chinthucho chili, mmene chinalili poyamba, ndi mmene chasinthira. Chithunzithunzi chimene chimanyamula ndakatulo nthawi zambiri chimayenda motero, ndipo chimafa mukachotsa gawo limodzi mwa atatuwa. Ndikanasiya nkhata yofufuma yokha, owerenga sakanamva kulemera kwa zaka. Ndikanasiya yakuphwa yokha, sakanadziwa kuti inali yotani kale, ndipo kuphwako sikukanawakhudza.

Ngati mwalephera kulemba chiganizo chimodzi, kapena mwalemba ziwiri zolimbana mphamvu, mwapeza kale chifukwa chimene ndakatulo yanu yatalikira. Sankhani chimodzi tsopano, ndipo chinacho muchisunge m'kope kuti chidzabale ndakatulo yakeyake.

Kenaka bwererani ku ndakatulo ndipo muike chizindikiro pa mzere uliwonse umene chinthucho chikuoneka, kumveka, kununkha kapena kugwirika. Mizere imeneyi ndiyo msana wa ndakatulo, ndipo lamulo lanu likhale lakuti simuidula kufikira zina zonse zitadulidwa. Mizere yotsalayo muifunse funso limodzi: kodi ukuthandiza owerenga kuona nkhata, kapena ukungowauza mmene ayenera kumvera?

Chachitatu, onani ngati mutu wa mpikisano uli kale m'chithunzithunzicho

Musanataye nthawi kudula, funsani ngati ndakatulo imeneyi ndi yoyenera mpikisano umenewu. Njira yake ndi kufunsa chithunzithunzi chanu kuti "chifukwa chiyani?" kangapo. Nkhata inaphwa chifukwa chiyani? Chifukwa inasenza mitolo kwa zaka zambiri. Nanga n'chifukwa chiyani inaphwa kwambiri m'zaka zomaliza? Chifukwa ulendo wa kunkhuni unatalika. Unatalika chifukwa chiyani? Chifukwa mitengo ya paphiri la pafupi inatha. Pa funso lachitatu ndinafika pa mutu wa mpikisano popanda kuwonjezera chilichonse chachilendo, ndipo ndinazindikira kuti nkhani ya kutha kwa mitengo inali m'ndakatulomo kuyambira kale, kungoti sindinaipatse malo.

Mukafunsa katatu kapena kanayi osafika pa mutuwo, musaukakamize. Mutu ukanakhala wakuti "Achinyamata ndi luso la makono", nkhata ya amayi sikanafikako popanda kupotozedwa, ndipo chanzeru chikanakhala kulemba ndakatulo yatsopano. Oweruza amene awerenga ndakatulo zambirimbiri pa mutu umodzi amazindikira msanga ndakatulo yakale imene yangosokereredwa chigamba cha mutu, monga mmene diso limaonera nsalu yatsopano pa malaya akale.

Chachinayi, dulani zikuluzikulu musanadule zing'onozing'ono

Ndakatulo yanga inali ndi ndime zisanu ndi imodzi, za mizere 5, 6, 6, 5, 5 ndi 4. Ndinafunika kuchotsa mizere 11 kuti ndifike pa 20, koma ndinafuna kutsika kuposa pamenepo kuti ndipeze malo a mutu wa mpikisano. Ichi ndi chinthu chimene ambiri amaiwala: ngati mutu ukufuna mizere itatu kapena inayi yatsopano, cholinga chanu podula chikhale 16 kapena 17.

Yambani ndi ndime yoyamba, chifukwa m'ndakatulo zathu zambiri ndime imeneyi imakhala moni chabe. Yanga inkayamba motere:

Tcherani khutu abale ndi alongo,
ndikuuzeni za mayi wondibala,

ndipo inkapitirira mizere ina itatu yonena za kumudzi kwathu. Mawu otere ali ndi ntchito yake pabwalo, pamene mlakatuli waima pamaso pa anthu amene akulankhulana ndipo ayenera kuwakhazika chete. Papepala woweruza watchera kale khutu, choncho mizere isanu imeneyi inkangochedwetsa nkhata. Nditaiphimba ndi dzanja n'kuyamba kuwerenga pa ndime yachiwiri, palibe chimene chinasowa.

Chitani chimodzimodzi ndi ndime yomaliza. Yanga inkati:

Amayi, munavutika chifukwa cha ife,
sindidzakuiwalani mpaka kalekale,

ndi mizere ina iwiri yofanana nayo. Mawuwa ndi oona, ndipo kuwachotsa kunandipweteka kuposa kuchotsa ena onse, koma ankangobwereza ndi pakamwa zimene nkhata inali itanena kale. Munthu amene wasiya nkhata ya malemu mayi ake pamsomali osaichotsa safunikanso kulumbira kuti sadzaiwala. Ndime ziwirizi zitachoka, mizere inatsika kuchoka pa 31 kufika pa 22, ndipo msana sunakhudzidwe.

Kenaka funafunani chithunzithunzi chopikisana nacho. Ndime yanga yachinayi yonse inali yonena za mapazi a amayi: ming'alu ya kuzithende, minga, mafuta amene ankadzola usiku. Inali ndime yabwino, mwinanso yokoma kuposa zina, ndipo kukoma kwakeko ndiko kunali vuto, chifukwa kwa mizere isanu maso a owerenga ankachoka pamutu n'kupita pansi, ndipo pobwerera ku nkhata ankayenera kuikumbukiranso. M'ndakatulo yaitali zimenezi zimatheka, koma m'mizere 20 mulibe malo a zithunzithunzi ziwiri zazikulu. Sindinaitaye yonse: ndinasunga mzere umodzi wamphamvu kwambiri ndi kuulowetsa m'ndime yotsatira kuti utumikire ulendo wa kunkhuni. Mizere inayi inachoka, n'kutsala 18.

Chachisanu, finyani mizere pogwiritsa ntchito mphamvu ya Chichewa

Tsopano mwafika pa ntchito ya mawu amodziamodzi. Chichewa chimatha kunyamula nthawi, wochita ndi wochitiridwa m'mneni mmodzi, ndipo olemba ambiri sagwiritsa ntchito mwayi umenewu mokwanira. Fufuzani mawu olumikiza monga "ndipo", "chimene", "chifukwa chake" ndi "pamene", pakuti nthawi zambiri pamene pali mawu amenewa pali mizere iwiri imene ikhoza kukhala umodzi. Ndinali ndi mizere iyi:

chitenje chakale chimene anachipinda
ndipo anachipindanso mpaka katatu

imene inasanduka "chitenje chakale chopindidwa katatu". M'ndime yachitatu munali iyi:

ndipo ankabwerera kunyumba msanga
madzi aja asanayambe kuwira

imene inasanduka "n'kubwera asanawire". Liwu lakuti "msanga" linachoka chifukwa madzi osawira akunena kale za kufulumira, ndipo kufupika kwa mzerewo kukuthandiza khutu kumva kufupika kwa ulendo. Apa mizere inafika pa 16.

Mvekero ndi chida china chofinyira. Liwu limodzi monga "phwatalala" limachita ntchito imene chiganizo chathunthu chofotokoza maonekedwe chikanachita, ndipo limafika m'maso mwachangu. Komabe mvekero ikachuluka imaphana mphamvu, choncho m'ndakatulo yaifupi ndi bwino kusunga umodzi kapena iwiri ndi kuiika pamalo pamene chithunzithunzi chikufika pachimake.

Pali njira imodzi yokopa imene muyenera kuikana, ndiyo kulumikiza mizere iwiri yathunthu kukhala mzere umodzi wautali popanda kuchotsa liwu lililonse. Manambala amakwana, koma mpweya wa ndakatulo umasokonezeka, chifukwa malo amene wowerenga ankapumira achoka. Komanso mzere wotere ukasindikizidwa pa pepala la A4 ndi zilembo zazikulupo umathyoka wokha n'kugwera pansi, ndipo wowerengera mizere akhoza kuuwerenga ngati iwiri. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati mzere umodzi watalika kuposa anzake onse moonekeratu ndipo simungauwerenge ndi mpweya umodzi, ndiye kuti simunaufinye, mwangoubisa.

Chachisanu ndi chimodzi, lowetsani mutu kudzera m'chithunzithunzi

Ndinatsala ndi malo a mizere inayi, ndipo chiyeso chachikulu chinali kulemba ndime yomaliza yonga iyi:

Tiyeni Amalawi tibzale mitengo,
chilengedwe ndi chuma chathu.

Ndime yotere imachititsa mlakatuli kumva kuti wakwaniritsa mutu, koma imaononga zinthu ziwiri. Imasintha woyankhula, amene anali mwana woima kuseri kwa chitseko, n'kukhala mlangizi woima pamsonkhano; ndiponso imalanda nkhata malo omaliza, amene ndi malo okumbukika kwambiri m'ndakatulo. Kuwonjezera apo, pa mpikisano wa mutu umenewu ndakatulo zambiri zidzathera pa mawu omwewa, ndipo yanu idzamira pakati pa zinzake.

M'malo mwake bwererani ku mayankho a mafunso aja a "chifukwa chiyani", ndipo muike mutu pamalo pamene chithunzithunzi chikusinthira, pakati pa mmene chinalili ndi mmene chakhalira. Kwa ine malowo anali pakati pa nkhata yofufuma ndi nkhata yakuphwa, ndipo ndinalembapo mizere itatu ya phiri lometedwa, njira yotalika ndi zitsa. Palibe liwu lakuti "chilengedwe" m'mizereyi, koma palibenso woweruza amene angaiwerenge osadziwa kuti ikukamba za kutha kwa mitengo. Ngati malamulo akunena mwachindunji kuti mawu a mutu ayenera kupezeka m'ndakatulo, ndipo mutu wa ndakatulo suwerengedwa ngati mzere, ganizirani zowaika pamenepo kuti thupi la ndakatulo likhale lomasuka.

Kusintha kwina kunali kwa mawu awiri okha, koma ndikuona kuti ndiko kunamanga zonse pamodzi. Mzere womaliza wa ndime yachisanu unkati nkhata inali "yopyapyala ngati chikhatho chawo". Chifanifani chimenechi chinkaloza kwa amayi okha. Nditachisintha kukhala "ngati tsamba lomaliza", nkhata ndi phiri zinakumana mu mzere umodzi. Musanawonjezere mzere watsopano uliwonse, yang'anani zifanifani zimene muli nazo kale, muone ngati chimodzi chingatembenuzidwe kuti chiyang'ane ku mutu wa mpikisano, chifukwa kusintha kotere sikudya malo. Ndakatulo inatuluka motere:

Nkhata ya Amayi

Pamsomali wa kuseri kwa chitseko
pakadali nkhata ya amayi,
chitenje chakale chopindidwa katatu,
chonunkha utsi ndi thukuta la Okutobala;
palibe wayerekeza kuichotsa.

Ndili mwana inali yofufuma ngati chitumbuwa,
nkhuni zili patsinde pa phiri:
amayi ankapita madzi a nsima ali pamoto,
n'kubwera asanawire,
mtolo wa msuku ukugwedera pamutu.

Kenaka phiri linametedwa mpala,
njira n'kumatalika chaka ndi chaka,
zitsa zokhazokha kuwalonjera m'mbali.

Ankalawira nthanda isanazime,
mapazi ali ming'alu ngati dambo m'chilimwe,
n'kubwera dzuwa litapendeka,
kamtolo ka tsatsa pamutu,
nkhata itaphwa, ili phwatalala,
yopyapyala ngati tsamba lomaliza.

Mizere ndi 19. Mzere wa 20 ndinausiya wosagwiritsa ntchito, chifukwa malire a mpikisano amanena pamene simuyenera kupitirira, sanena kuti muyenera kufikapo, pokhapokha ngati malamulo atchulanso chiwerengero chochepetsetsa kapena akufuna mizere yeniyeni yakutiyakuti.

Chachisanu ndi chiwiri, yesani ngati chithunzithunzi chapulumuka

Inu mwini simungathe kuweruza bwino, chifukwa mizere imene mwadula ikadali m'mutu mwanu ndipo imadzaza yokha mipata imene owerenga ena adzagweramo. Pezani munthu amene sanaonepo ndakatulo yaitali ija, mumuwerengere kamodzi kokha, ndipo musamufunse ngati yakoma. Mufunseni mafunso awiri: waona chiyani, ndipo ndakatuloyi ikukamba za chiyani? Yankho loyamba liyenera kufanana ndi chiganizo chimene munalemba pa pepala lija, ndipo lachiwiri liyenera kuyandikira mutu wa mpikisano. Akayankha kuti waona phiri lopanda mitengo osatchula nkhata, ndiye kuti mutu wameza chithunzithunzi, ndipo muyenera kuchepetsa mizere yatsopano ija kapena kubwezeretsa mzere umodzi wa msana. Akatchula nkhata koma n'kunena kuti ndakatulo ikukamba za imfa ya mayi basi, ndiye kuti mutu sunamveke, ndipo malo osinthira aja akufunika kulimbitsidwa.

Kudula kumasiyanso zipsera zazing'ono zimene muyenera kuzifufuza mwadala. Chofala kwambiri m'Chichewa ndi mgwirizano wa mawu: mukachotsa dzina, aneni otsatira amatsala akuloza chinthu chimene kulibenso, kapena amaloza dzina lolakwika. M'ndakatulo yanga, liwu lakuti "kuichotsa" pa mzere wachisanu likuloza nkhata, ngakhale kuti dzina lapafupi ndi chitenje. Ndinalisiya dala motero, chifukwa "kuchichotsa" kukanasandutsa nkhata kukhala nsalu wamba. Chimodzimodzi "Ankalawira" pa ndime yomaliza akudalira "amayi" amene atchulidwa mizere isanu ndi umodzi m'mbuyo, ndipo ndinaonetsetsa kuti pakati pake palibe munthu wina amene angasokoneze. Onaninso chibwereza: ngati mawu ena ankabwera katatu ndipo mwadula kamodzi, yang'anani ngati awiri otsalawo akuyankhanabe. "N'kubwera asanawire" ndi "n'kubwera dzuwa litapendeka" ndi mizere imene inayenera kutsala yonse iwiri, popeza kutalika kwa ulendo kukumveka pakati pa iyo.

Mukakhutira, igonekeni ndakatulo masiku awiri kapena atatu ngati tsiku lotsekera likulola, kenaka muiwerenge mokweza muli chiimire, ndipo paliponse pamene lilime lapunthwa muikepo chizindikiro. Werenganinso mizere komaliza pa fayilo yeniyeni imene mutumize, mutaisunga mu mtundu umene apempha, chifukwa kusintha kukula kwa zilembo kumatha kuthyola mzere umene unali bwino. Ngati malamulo akuti dzina lanu lisaoneke pa ndakatulo, onetsetsani kuti mulibe pamwamba, pansi, ngakhale m'dzina la fayilo. Ndakatulo yaitali ija musaifufute. Isungeni padera pamodzi ndi ndime zodulidwa, chifukwa tsiku lolakatula pabwalo moni uja wa "tcherani khutu" adzafunikanso, ndipo ndime ya mapazi a amayi ikudikira kulembedwa payokha.